Aperekezi a Chijeremani otsagana ndi dativu nthawi zonse: momwe amagwirira ntchito, mafunso 20 ndi mayankho ake

Pali funso lomwe limabwera pafupifupi m'kalasi iliyonse ya ongoyamba kumene Chijeremani. Sabata yoyamba mphunzitsi amati liwu loti mayi ndi *die Mutter*, ndipo *der* ndi wa mayina aamuna monga *der Vater*, bambo. Ophunzira amalemba m'kope, n'kuloweza. Patapita masabata angapo mphunzitsi yemweyo amalemba pabolodi *mit der Mutter*, kutanthauza "ndi amayi". Apa wina amakweza mkono kufunsa ngati aphunzitsi sanalakwitse, poti amayi aja tsopano atenga *der* wa abambo.

Aphunzitsiwo sanalakwitse. Chomwe chasintha *die* kukhala *der* ndi kaliwu kakang'ono kali kutsogoloko, *mit*. Ndi m'modzi mwa aperekezi ochepa omwe akangoima patsogolo pa dzina, dzinalo limalowa m'kaimidwe komwe Ajeremani amakatcha *Dativ*. Ife tizingoti dativu. Nkhaniyi imayamba kuonekera pa gawo la A1 n'kukhwima pa A2, ndipo amene akukonzekera mayeso a Goethe-Institut amakumana nayo ngakhale m'kakalata kakafupi komwe amauzidwa kulemba.

## Dativu n'chiyani?

Wolankhula Chichewa sadabwa kuona mawu akusintha potsatira dzina. Timati mwana wanga, chipewa changa, mabuku anga, ndipo palibe amene amaima kaye kuti aganize. Kwa ife dzina ndi lomwe limalamula, mawu ena onse n'kumagwirizana nalo. M'Chijeremani muli zoterezi, koma muli chinanso chowonjezera. Kaliwu kotsogolera dzina, monga *der*, *die*, *das* kapena *ein*, kamasinthanso malinga ndi ntchito yomwe dzinalo likugwira m'chiganizo. Makaimidwe otere alipo anayi, ndipo dativu ndi kamodzi mwa iwo.

Ntchito yoyamba ya dativu ndi kuonetsa wolandira kapena wochitiridwa chinthu. Ife tikafuna kunena zimenezi timatalikitsa mneni: kugula kumakhala kugulira, kuphika kumakhala kuphikira. "Ndikugulira mwana buku." Mjeremani mneni samukhudza, amasintha kaliwu ka mwanayo: *das Kind* amakhala *dem Kind*, n'kunena kuti *Ich kaufe dem Kind ein Buch*. Choncho zomwe *-ir-* akuchita mu "kugulira" ndi zomwe *dem* akuchita m'chiganizo cha Chijeremanicho.

Koma dativu amabweranso ngakhale popanda wolandira chilichonse, pokhapokha chifukwa cha mperekezi yemwe ali patsogolo. Apa m'pomwe pali nkhani yathu. Zili ngati yunifolomu ya pantchito: aliyense wolowa pageti ili amavala yomweyo, ndipo mlonda safunsa kuti mwadzatani. Aperekezi ake ndi awa:

*aus, bei, mit, nach, seit, von, zu*

Asanu ndi awiriwa ndiwo mudzakumana nawo tsiku lililonse. Palinso *außer*, kutanthauza "kupatula", ndi *gegenüber*, "moyang'anizana ndi". Mabuku ena amawonjezera *ab*, "kuyambira", monga mu *ab dem ersten Mai*, kuyambira pa 1 Meyi. Ena amamusiya chifukwa ponena za nthawi anthu ena samutsatiza dativu nthawi zonse. M'mafunso athu sitimugwiritsa ntchito.

## Chomwe chimasintha

Mayina a Chijeremani ali m'magulu atatu: a *der*, omwe amatchedwa aamuna, a *die*, aakazi, ndi a *das*, omwe sali uku kapena uku. Pochulukitsa onse amatenga *die*. Mu dativu zimakhala motere:

| Poyamba | Mu dativu | Chitsanzo |
|---|---|---|
| der / ein | dem / einem | mit dem Bus |
| das / ein | dem / einem | mit einem Auto |
| die / eine | der / einer | mit der Mutter |
| die wa zambiri | den | mit den Kindern |

Mukayang'anitsitsa, zoloweza ndi zilembo zitatu basi: *m* pa mayina a *der* ndi a *das*, *r* pa mayina a *die*, ndi *n* pa zambiri. Mawu osonyeza umwini amatsata njira yomweyi. *Mein Bruder* amakhala *meinem Bruder*, *meine Schwester* amakhala *meiner Schwester*, ndipo *meine Eltern*, makolo anga, amakhala *meinen Eltern*.

Mzere womaliza wa tebulolo uli ndi kamsampha. Pa zambiri, dzina lenilenilo nalonso limatenga *n* kumapeto: *die Kinder* akhala *den Kindern*, *die Freunde* akhala *den Freunden*. Ngati dzinalo likuthera kale ndi *n*, monga *Frauen*, kapena ndi *s*, monga *Autos*, simuwonjezera kanthu. *N* ameneyu ndi amene amaiwalika kwambiri, ngakhale ndi anthu omwe afika patali ndithu.

Alowam'malo nawo amasintha: *ich* akhala *mir*, *du* akhala *dir*, *er* ndi *es* akhala *ihm*, *sie* wa mkazi mmodzi akhala *ihr*, *wir* akhala *uns*, *ihr* akhala *euch*, *sie* wa anthu ambiri akhala *ihnen*. *Sie* waulemu, yemwe ali ngati "inu" wathu polankhula ndi munthu wamkulu, akhala *Ihnen*, ndi chilembo chachikulu. Funso loti *wer*, ndani, limakhala *wem*: *Mit wem sprichst du?* Ukulankhula ndi ndani?

Chotsala ndi kufupikitsa. *Bei dem* amakhala *beim*, *von dem* amakhala *vom*, *zu dem* amakhala *zum*, ndipo *zu der* amakhala *zur*. Pagululi ofupikitsidwa ndi anayi okhawa. *Mit dem*, *aus dem*, *nach dem* ndi *bei der* amalembedwa motalikirana momwemo. Osafupikitsawo amamveka pamene munthu akuloza chinthu chenicheni, monga *zu dem Arzt, der Englisch spricht*, kwa dokotala uja amalankhula Chingelezi.

## Kwa adokotala katatu

Apa ndi pomwe wolankhula Chichewa ayenera kudekha, chifukwa chinenero chathu chimagawa ntchito mosiyana. Taonani ziganizo zitatu izi: ndikupita kwa adokotala, ndili kwa adokotala, ndikuchokera kwa adokotala. "Kwa" sanasinthe ngakhale kamodzi. Chomwe chikutiuza kuti munthu akupita, ali komweko, kapena akubwerako ndi mneni. M'Chijeremani mperekezi nayenso amasenza katundu ameneyu, ndiye pa "kwa" wathu mmodzi iwo ali ndi atatu:

*Ich gehe zum Arzt.* Ndikupita kwa adokotala.
*Ich bin beim Arzt.* Ndili kwa adokotala.
*Ich komme vom Arzt.* Ndikuchokera kwa adokotala.

Onse atatu akutsagana ndi dativu, n'chifukwa chake onse akuthera ndi *m*. Munthu wozolowera Chichewa akapeza *zu* amafuna kumugwiritsa ntchito paliponse pomwe pali "kwa", n'kunena kuti *Ich bin zum Arzt* pofuna kunena kuti ali komweko. Mjeremani akamva zimenezo amaganiza kuti mukunena kuti munanyamuka kupita kwa adokotala. Ponena za komwe munthu amakhala kapena komwe amagwira ntchito, mperekezi wake ndi *bei*: *Ich wohne bei meinen Eltern*, ndimakhala kwa makolo anga.

Chichewa chimatithandizanso mbali ina. Ife timasiyanitsa kale "kwa" wa munthu ndi "ku" wa malo: kwa agogo, ku Zomba. Popita, Mjeremani amasiyanitsa mofananako. Kwa munthu ndi *zu*. Ku mzinda kapena dziko lomwe dzina lake lilibe kaliwu kotsogolera ndi *nach*: *nach Berlin*, *nach Deutschland*, *nach Malawi*. Kufananaku kumathera pomwepo, chifukwa malo ena omwe ife timati "ku", monga kusukulu, kuntchito ndi kusiteshoni, iwo amati *zur Schule*, *zur Arbeit*, *zum Bahnhof*. Ndiye lamulo losavuta ndi loti *nach* ndi wa mayina a mizinda ndi mayiko, ndipo pena ponse mukayamba mwaganizira *zu* simusochera kwambiri. Mayiko ochepa omwe ali ndi kaliwu kotsogolera, monga *die Schweiz* ndi *die Türkei*, samukonda *nach*. Popita kumeneko amati *in die Schweiz*.

Pochokera palinso awiri, *aus* ndi *von*. *Aus* ali pafupi ndi "mu" wathu: kutuluka m'kati mwa chinthu, monga *aus dem Haus*, kutuluka m'nyumba. Ndi yemwenso amanena kwawo kwa munthu: *Ich komme aus Malawi*. *Von* ndi wochokera kwa munthu kapena pamalo pomwe munangopitapo: *von der Arbeit*, kuchokera kuntchito.

Pali awiri ofunika kungowaloweza momwe alili, chifukwa amaoneka ngati atembenuzika. *Nach Hause* ndi kupita kunyumba, pomwe *zu Hause* ndi kukhala pakhomo. *E* wakumapetoyo ndi chotsalira cha dativu wakalekale, yemwe mayina ambiri anamutaya.

Otsalawo savuta kwenikweni. *Mit* ndi "ndi" wathu, komanso ndi amene amanena chokwera: ife timati pa basi, pa njinga, iwo amati *mit dem Bus*, *mit dem Fahrrad*. Woyenda wapansi yekha ndi amene amati *zu Fuß*. *Nach* ali ndi tanthauzo lachiwiri la nthawi, monga *nach dem Essen*, tikatha kudya. *Seit* amanena za chinthu chomwe chinayamba kale ndipo chikuchitikabe, choncho mneni wake amakhala m'nthawi yatsopano: *Ich wohne seit einem Jahr hier*, ndakhala kuno chaka chimodzi ndipo ndikadali konkuno.

## Lamulo la kuyenda silifika kuno

Cholakwika chachikulu chimabwera munthu akaphunzira gulu lina la aperekezi asanu ndi anayi: *an, auf, hinter, in, neben, über, unter, vor, zwischen*. Amenewa amasinthasintha. Funso likakhala loti "kuti komwe chili", amatenga dativu: *Ich bin in der Schule*. Likakhala loti "kuti komwe chikupita", amatenga kaimidwe kena kotchedwa *Akkusativ*, komwe tizikatcha akuzativu: *Ich gehe in die Schule*. Wophunzira akamvetsa zimenezi amakondwa, n'kuyamba kuligwiritsa ntchito lamuloli paliponse. Akaona mneni wa kuyenda monga *gehen* kapena *fahren*, amathamangira akuzativu, n'kulemba *Ich gehe zu die Schule*.

Lamulo limenelo ndi la asanu ndi anayi okhawo. *Zu* amanena za kupita pafupifupi nthawi zonse, koma dativu samusiya: *Ich gehe zur Schule*. *Aus* amanena za kutuluka, komwe ndi kuyendanso, koma ndi *aus dem Haus* basi. Choncho musanayang'ane mneni, yang'anani kaye mperekezi. Ngati ali pa mndandanda wathu uja, funso la kuyenda kapena kukhala musalifunse n'komwe.

Tiyeni timange chiganizo chimodzi pang'onopang'ono: "Ndikaweruka kuntchito ndimapita ndi ana kwa achemwali anga." Muli zigawo zitatu zofuna mperekezi. Kuweruka kuntchito ndi nthawi, ndiye *nach*. Ntchito ndi *die Arbeit*, dzina la *die*, chilembo chake ndi *r*: *nach der Arbeit*. "Ndi ana" ndi *mit*. Ana ndi ambiri, ndiye *den*, ndipo *Kinder* sakuthera ndi *n* kapena *s*, choncho timuwonjezera *n*: *mit den Kindern*. "Kwa achemwali anga" ndi kupita kwa munthu, ndiye *zu*. *Meine Schwester* atenga *r*: *zu meiner Schwester*. Apa *zur* sangalowe, chifukwa *zur* muli kale *der*, ndipo malo a *der* atengedwa ndi *meiner*. Tikalumikiza, pokumbukira kuti mneni wa Chijeremani amakhala pa malo achiwiri m'chiganizo chotere, tipeza:

*Nach der Arbeit fahre ich mit den Kindern zu meiner Schwester.*

Pa chigawo chilichonse tafunsa zinthu zitatu motsatizana: mperekezi wake ndi uti, dzinali ndi la gulu liti, nanga dzina lenilenilo likufuna *n* kapena ayi. Chachiwiricho ndi chomwe chimagwetsa ambiri. Munthu akhoza kudziwa bwinobwino kuti *mit* amafuna dativu, koma ngati sadziwa kuti basi ndi *der Bus*, sangasankhe pakati pa *dem* ndi *der*. N'chifukwa chake m'mafunsomu ndaika pafupifupi dzina lililonse pamodzi ndi kaliwu kake, kuti muyesedwe pa dativu yekha.

## Mafunso

Lembani mayankho papepala musanatsike m'munsi. Kuwerenga funso n'kunena mumtima kuti "ichi ndikuchidziwa" sikuonetsa *n* yemwe mukanamuiwala.

Gawo loyamba. Ikani mawu omwe ali m'mabulaketi mu dativu.

1. Ich fahre mit ___ ___. (der Zug, sitima)
2. Ich wohne bei ___ ___. (meine Tante, azakhali anga)
3. Nach ___ ___ gehe ich ins Büro. (das Frühstück, chakudya cham'mawa)
4. Sie spielt mit ___ ___. (die Hunde, agalu)
5. Wir warten seit ___ ___. (eine Stunde, ola limodzi)
6. Er nimmt die Milch aus ___ ___. (der Kühlschrank, filiji)
7. Ich spreche mit ___ ___. (der Kollege, mnzanga wa kuntchito)
8. Die Apotheke liegt gegenüber ___ ___. (die Post, positi ofesi)

Gawo lachiwiri. Sankhani mperekezi woyenera. Pomwe pakufunika kufupikitsa, fupikitsani.

9. Morgen fliege ich ___ Hamburg.
10. Ich habe Zahnschmerzen. Ich gehe ___ Zahnarzt. (der Zahnarzt, dokotala wa mano)
11. Wo ist Papa? Er ist noch ___ Zahnarzt.
12. Woher kommst du gerade? ___ Zahnarzt.
13. Meine Lehrerin kommt ___ ___ Schweiz.
14. Ich lerne ___ drei ___ Deutsch. (die Monate, miyezi)
15. Es ist spät. Ich gehe ___ Hause.

Gawo lachitatu. Konzani zolakwika. Chimodzi mwa ziganizozi chili bwino kale.

16. Kommst du mit mich?
17. Wir fahren zu den Bahnhof.
18. Das Geschenk ist von meine Eltern.
19. Alle sind da außer ihm.
20. Ich habe seit zwei Jahre in Köln gewohnt. (Wolankhulayu akukhalabe ku Köln.)

## Mayankho

1. *mit dem Zug.* Dzina la *der* latenga *m*. Mneni ndi wa kuyenda, koma *mit* alibe nazo ntchito zimenezo.

2. *bei meiner Tante.*

3. *nach dem Frühstück.* Mayina a *das* amafanana ndi a *der* mu dativu. M'chiganizo chomwechi muli *ins Büro*, yemwe ndi *in das Büro*. Ameneyo ndi akuzativu, ndipo ndi wolondola chifukwa *in* ndi wa gulu losinthasintha lija. Ndinawaika dala pamodzi kuti muone malamulo awiriwa akugwira ntchito m'chiganizo chimodzi popanda kulowererana.

4. *mit den Hunden.* Ngati mwalemba *mit den Hunde*, mwapeza theka. Dzichongereni kuti mwalakwa, chifukwa wochonga mayeso amamuona *n* wosowayo.

5. *seit einer Stunde.*

6. *aus dem Kühlschrank.* Mkaka ukutuluka m'kati mwa filiji, n'chifukwa chake pali *aus*. Ukanakhala kuti ukuchotsedwa patebulo, bwenzi tikuti *vom Tisch*.

7. *mit dem Kollegen.* Ili linali funso lobisalira, poti sindinalifotokoze pamwambapa. Pali kagulu ka mayina a *der*, ambiri mwa iwo onena za anthu, omwe amatenga *n* kapena *en* ngakhale munthuyo ali mmodzi. Ena mwa iwo ndi *der Junge*, mnyamata, *der Kunde*, kasitomala, *der Student* ndi *der Herr*. Timati *mit dem Jungen*, *mit dem Kunden*, *mit dem Studenten*, *mit Herrn* kenaka dzina la bamboyo. Chizindikiro chothandiza ndi chakuti dzina la *der* lonena za munthu likathera ndi *e*, muyembekezere *n*. Tsono *Kollegen* amaoneka chimodzimodzi akhale mmodzi kapena ambiri, ndipo chosiyanitsa ndi kaliwu kotsogolera: *mit dem Kollegen* ndi mmodzi, *mit den Kollegen* ndi ambiri. Ngati mwalemba *dem Kollege*, dativu mwamupeza, chatsala ndi kagulu kameneka.

8. *gegenüber der Post.* Mperekezi ameneyu amathanso kubwera pambuyo pa dzina, *der Post gegenüber*, tanthauzo osasintha. Akakhala ndi mlowam'malo amabwera pambuyo: *mir gegenüber*, moyang'anizana ndi ine.

9. *nach Hamburg.* Dzina la mzinda lilibe kaliwu kotsogolera, choncho dativu alipo koma saoneka.

10, 11 ndi 12. *zum Zahnarzt*, *beim Zahnarzt*, *Vom Zahnarzt*. Ndi "kwa" wathu uja katatu. Chokuuzani yankho pa 10 ndi mneni *gehe*, pa 11 ndi funso loti *wo*, ali kuti, ndipo pa 12 ndi *woher*, ukuchokera kuti. Ngati pa 12 mwalemba *aus*, ganizirani chithunzi chake: mukunena kuti mwatuluka m'kati mwa dokotalayo. Mukafuna *aus*, tchulani nyumba yake: *aus der Praxis*, kutuluka m'kachipatala kake.

13. *aus der Schweiz.* Kwawo kwa munthu ndi *aus*, ndipo dzikoli lili ndi *die*, yemwe wasanduka *der*. Yerekezani ndi *in die Schweiz* popita.

14. *seit drei Monaten.* Palibe *den*, koma *n* wa zambiri alipobe. Samalani kuti musasokoneze *seit* ndi *vor*. *Vor drei Monaten* ndi "miyezi itatu yapitayo", chinthu chomwe chinachitika kamodzi, monga tsiku lomwe munafika. *Seit drei Monaten* ndi chinthu chomwe chakhala chikuchitika miyezi yonse itatuyo mpaka lero.

15. *nach Hause.*

16. *Kommst du mit mir?* *Mich* ndi wa akuzativu, ndipo amayenda ndi aperekezi ena monga *für* ndi *ohne*: *für mich*, *ohne mich*. Zimadabwitsa kuti "ndi ine" ndi *mit mir* pomwe "popanda ine" ndi *ohne mich*, koma ndi momwe zilili, mperekezi aliyense ali ndi gulu lake.

17. *Wir fahren zum Bahnhof.* Wolemba *zu den Bahnhof* watengeka ndi lamulo la kuyenda lija, n'kusintha *der* kukhala *den* wa akuzativu. Chosokoneza n'chakuti *zu den* alipodi m'Chijeremani, koma pa zambiri zokha, monga *zu den Kindern*. Mukaona *zu den* kutsogolo kwa chinthu chimodzi, dziwani kuti pali cholakwika.

18. *Das Geschenk ist von meinen Eltern.* *Eltern* akuthera kale ndi *n*, ndiye chosintha ndi *meine* yekha.

19. Ichi chili bwino. Onse alipo kupatula iye, ndipo *ihm* ndi dativu wa *er*.

20. *Ich wohne seit zwei Jahren in Köln.* Zolakwika zinali ziwiri. Choyamba ndi *n* wa *Jahren*. Chachiwiri ndi nthawi ya mneni. M'Chichewa timati "ndakhala ku Köln zaka ziwiri", ndipo "nda-" ameneyu amakokera dzanja ku *ich habe gewohnt*. Koma m'Chijeremani *habe gewohnt* amamveka ngati za munthu yemwe anasamukako. Yemwe anasamukadi amasiya *seit* n'kunena kuti *Ich habe zwei Jahre in Köln gewohnt*, ndipo apa *Jahre* alibe *n* chifukwa palibenso mperekezi womuitanira dativu.